Kufotokoza vuto la foni m'mawu pamene chithunzi cha umboni chachotsedwa

Munthu akagula foni m'sitolo, kenako batire n'kutupa pasanathe chaka, chinthu choyamba chimene amachita ndi kuijambula kuti akhale ndi umboni pokadandaula. Chithunzicho chimasowa m'njira zingapo. Mwina chinajambulidwa ndi foni yobwereka ndipo mwini wake anachifufuta posaka malo, mwina fomu ya madandaulo imene wogulitsa anakupatsani inachikana chifukwa chinali chachikulu, kapena uthenga unafika koma chithunzicho chinachotsedwa m'njira. Vutoli limakula kwambiri ngati foniyo munaisiya kale kusitolo mumzinda wa Tete pamene inu mumakhala ku Ulongwe, kumene kuli mtunda woposa makilomita 200, chifukwa simungangoitenga n'kuijambulanso. Chimene chatsala m'manja mwanu ndi mawu, ndipo mawuwo ayenera kulembedwa m'njira yoti wokonza mafoni amene sanakuoneni n'komwe atenge foniyo, awerenge kalata yanu, apeze chilichonse chimene mwatchula pamalo pamene mwanena.

Malangizo awa akutsata chitsanzo chimodzi choyerekezera, cha mayi wa ku Ulongwe amene foni yake yatupa batire mpaka galasi lamatuka, ngakhale kuti njira yake ingagwirenso ntchito pa wailesi, firiji kapena zipangizo za magetsi a dzuwa.

Yambani mwatsimikiza kuti chithunzicho chapitadi

Ngati foniyo ikadali m'manja mwanu, jambulaninso lero lomwe, ndipo m'kalata munene kuti chithunzi chatsopanocho chajambulidwa tsiku lakutilakuti m'malo mwa choyamba chija. Ngati mulibe, pemphani mwini foni imene inajambula kuti ayang'ane m'malo mosungira zofufutidwa. Mafoni ambiri amasunga zithunzi zofufutidwa kwa masiku 30 pamalo olembedwa kuti Lixo, Reciclagem kapena Trash, malinga ndi chilankhulo chimene foniyo inaikidwa. Ayang'anenso ngati sanatumizirepo munthu wina chithunzicho pa WhatsApp, popeza wolandirayo angakhale akadali nacho. Ngakhale chithunzi chitapanda kupezeka, uthenga umene unachinyamula nthawi zina umatsalabe ndi tsiku ndi ola lake, ndipo umenewo ndi umboni wakuti vutolo munalinena liti. Musaufufute.

Zonsezi zisakutengereni nthawi yaitali. Lamulo loteteza ogula la dziko la Mozambiki, lomwe ndi nambala 22/2009, limakakamiza wogulitsa kupereka galantiya yosachepera chaka chimodzi pa katundu wonyamulika wosatha msanga monga foni, pokhapokha ngati wogulayo wagwiritsa ntchito katunduyo molakwika. Ine ndimalangiza kuti madandaulo olembedwa afike kwa wogulitsa pasanathe masiku 30 chionereni vutolo. Kalata yopanda chithunzi imene yafika msanga ili ndi mphamvu kuposa ya chithunzi imene yafika miyezi iwiri itadutsa, chifukwa pa batire lotupa kuchedwa kulikonse kumapatsa wogulitsa mpata wonena kuti munapitiriza kugwiritsa ntchito foni yowonongeka mpaka vuto linakula.

Tchulani foniyo kuti isasokonezeke ndi ina

Chithunzi chimaonetsa zinthu ziwiri nthawi imodzi, katundu wake ndi vuto lake, choncho mawu anu ayambe ndi katunduyo. Kungolemba kuti ndi foni yakuda sikuthandiza, popeza m'kabati ya wokonza muli mafoni akuda ambirimbiri. Lembani dzina la kampani imene inapanga foniyo, nambala ya mtundu wake monga ilili pabokosi pambali pa mawu oti Modelo kapena Model, mtundu wa chikuto chake, ndi nambala ya IMEI, yomwe ndi nambala yapadera yozindikiritsa foni iliyonse. Nambala imeneyi imakhala ndi manambala 15, ndipo foni yolowa makhadi a SIM awiri imakhala ndi manambala otere awiri. Ngati foni ikuyaka, imaoneka mukaimba izi:

```
*#06#
```

Ngati foni ili kutali kapena siyaka, nambalayo imapezeka pa kapepala komatidwa pabokosi, ndipo masitolo ena amailembanso pa lisiti kapena pa khadi la galantiya. Ikopereni mosamala, kenako muiwerenge mokweza wina akuyang'ana pabokosipo, chifukwa nambala imodzi yokha ikalakwika wogulitsa angayankhe kuti foni imeneyo sinachokere m'sitolo yake. Onjezerani tsiku logula, nambala ya lisiti ndi ndalama zimene munalipira. Lisiti lenileni likhale kwa inu, wogulitsa alandire fotokope. Malisiti ambiri amasindikizidwa pa kapepala kosalala kamene zilembo zake zimafufutika kakakhala potentha, ndipo aliyense amene anasungapo lisiti m'chikwama mwezi wa Okutobala mumzinda wa Tete amadziwa kuti limasanduka pepala loyera.

Pali mfundo ina yokhudza ife a m'malire. Ambiri timagula katundu kutsidya, ku Dedza, ku Lizulu kapena ku Mwanza, ndipo foni yogulidwa kumeneko madandaulo ake amapita kwa wogulitsa wa kumeneko motsata malamulo a dziko la Malawi. Kafotokozedwe ka vuto ndi komweko, koma lamulo la 2009 lija musalitchule m'kalata yotero.

Lembani zimene maso anaona

Gawo ili ndi limene limalowa m'malo mwa chithunzi, ndipo ndi pamene makalata ambiri amalephera. Munthu wokwiya amalemba kuti anamugulitsa foni yowola, kuti batire lake ndi lachinyengo, kuti yawonongekeratu. Mawu otere amasonyeza mtima wa wolembayo koma sapatsa wokonza chilichonse choti ayeze. Chofunika ndi kulekanitsa zimene munaona ndi zimene mukuganiza kuti zinachititsa. Mayi wa ku Ulongwe uja sanatsegule foni yake, choncho batirelo sanalione. Chimene anaona ndi galasi limene ladzuka mbali imodzi, kadontho kowala pagalasipo, ndi foni imene ikugwedera akaiika patebulo. Zimenezi ndizo alembe, kenako awonjezere chiganizo chimodzi chonena kuti akuganiza kuti batire latupa ndipo akupempha kuti akatswiri atsimikize. Akalemba motero palibe amene angamutsutse, pamene akanena motsimikiza za chinthu chimene sanachione wogulitsa angamufunse kuti anatsegula foniyo ndani, ndipo kutsegula foni kwa wokonza wosavomerezeka kumathetsa galantiya ya makampani ambiri.

Yambani ndi malo. Mawu oti kumanja kapena kumanzere amasokoneza ngati simunanene kuti foniyo mwaigwira bwanji, popeza kumanja kwa foni mukaiyang'ana kugalasi kumasanduka kumanzere mukaitembenuza. Nenani kamodzi kuti mukufotokoza foni itaimirira, galasi likuyang'ana kwa inu ndipo kabowo ka tchaja kali pansi, kenako zonse muziyeze kuchokera pa chinthu chimene sichisuntha, monga batani lokwezera mawu, kamera yakutsogolo kapena kona. Wokonza akawerenga kuti mpata ukuyambira pansi pa batani loyatsira n'kutsika kulowera kukona ya kumunsi, chala chake chimapita pomwepo.

Kenako pakubwera kukula kwake. Mawu monga "pang'ono" ndi "kwambiri" aliyense amawamva mwanjira yake, choncho pamafunika muyezo. Kutalika kwa mpata kumayezedwa ndi rula ya mwana wa sukulu, m'masentimita. Kuyasama kwake ndi kovuta kuyeza ndi rula chifukwa ndi kwa mamilimita ochepa, koma khadi la kubanki limathandiza popeza kukhuthala kwake ndi kodziwika, mamilimita 0,76. Makhadi awiri osanjikiza amakwana pafupifupi milimita imodzi ndi theka, atatu amapitirira pang'ono mamilimita awiri. Gwirani makhadiwo pambali pa mpatawo n'kuyerekeza ndi maso. Musawalowetse m'kati, chifukwa batire lotupa lili pafupi pomwepo ndipo likabooledwa kapena kupanikizidwa lingathe kuyaka moto. Ngati foni munaisiya kale ndipo mukudalira kukumbukira, lembani kuti "pafupifupi" patsogolo pa muyezo uliwonse ndipo nenani kuti umu ndi momwe zinalili tsiku limene munaisiya. Ndi bwino kuchepetsa kusiyana n'kuchulutsa, chifukwa wokonza akapeza mpata waukulu kuposa umene munalemba amakukhulupirirani, koma akapeza waung'ono amayamba kukayikira kalata yonse.

Maonekedwe ake nawonso amafunika, ndipo apa kudziwa pang'ono za m'kati mwa foni kumathandiza kusankha zoyenera kutchula. Batire la foni ndi kathumba komatidwa mbali zonse, ndipo madzi a mankhwala amene ali m'katimo akayamba kuwonongeka amatulutsa mpweya umene ulibe potulukira. Kathumbako kamafufuma n'kumakankha chilichonse chimene chachitchinga, galasi kutsogolo kapena chikuto kumbuyo. Chifukwa chakuti mphamvuyo ikuchokera m'kati, galasi limadzuka mokhota, mpata umakhala waukulu pakati n'kumachepa kumapeto, ndipo tizingwe ta guluu timaoneka titatambasuka m'mpatamo. Pa magalasi ena pamatuluka kadontho kowala kapena kotuwa pamene batire likukankha, kamene kamaoneka bwino chithunzi cha pagalasi chikakhala choyera. Foni yogwa imaoneka mosiyana: kona imakhala yophwanyika kapena yokanda, ndipo ngati galasi lasweka ming'alu imayambira pamalo amodzi n'kufalikira mbali zonse, nthawi zambiri pali kachidutswa kothothoka pamene panamenyeka. Mng'alu wobwera ndi kukankha kwa m'kati kawirikawiri umakhala mzere umodzi wosalala wopanda malo omenyeka. Wokonza amayang'ana kusiyana kumeneku asanachite china chilichonse, choncho kalata imene yafotokoza kukhota kwa galasi ndi kusaphwanyika kwa makona yayankha kale funso lake loyamba.

Musaiwale zimene chithunzi sichikanatha kusonyeza n'komwe. Foni yotupa ikaikidwa chagada patebulo losalala imagwedera mukaikhudza pakona, ndipo nthawi zina imazungulira ngati nguli chifukwa yatsamira pa mimba yake. Ngati munamva fungo lachilendo longa la mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo, litchuleni, popeza limasonyeza kuti kathumba kaja kayamba kudontha. Ngati foni inkatentha, nenani mbali imene inkatentha ndi nthawi yake, kaya pa tchaja kapena ili chikhalire. Pa zinthu zimenezi mawu amanena zambiri kuposa chithunzi.

Ndandalikani masiku, ndi mmene foniyo imagwirira ntchito

Batire silitupa tsiku limodzi, ndipo mbiri ya vutolo imathandiza kusonyeza kuti silinabwere ndi ngozi. Lembani masiku atatu kapena anayi okha: limene munayamba kuona chachilendo, limene vuto linaonekera poyera, limene munasiya kugwiritsa ntchito foniyo, ndi limene munaipereka kusitolo. Tsiku losiya kuigwiritsa ntchito ndi lofunika kwambiri. Foni yotupa batire siyenera kuikidwanso pa tchaja, ndipo iyenera kuzimitsidwa n'kusungidwa pozizira, pa simenti kapena m'chitini chosatseka, kutali ndi zofunda ndi udzu. Mukalemba kuti munachita zimenezi mutangoona vutolo, mwatseka njira yoti akuuzeni kuti munalikulitsa ndinu.

Ngati foni inayamba kutha moto msanga, perekani manambala. Kulemba kuti batire silikhalitsa n'kosiyana ndi kulemba kuti linkatsika kuchoka pa 100% kufika pa 20% m'maola atatu foni isakugwiritsidwa ntchito, kapena kuti inkazima yokha ikafika pa 30%. Vuto limene limabwera mwa apo ndi apo linenedwe kuti limachitika kangati, mwachitsanzo kawiri kapena katatu pa tsiku, ndi chimene munkachita pa nthawiyo, chifukwa wokonza amayesa foni kwa mphindi zochepa ndipo akapanda kudziwa poyambira amalemba kuti sanapeze vuto. Uthenga wochenjeza ukatuluka pagalasi, ukopereni ndendende m'chilankhulo chimene unalembedwa, osaumasulira.

Batire labwino limayembekezeka kupirira kudzazidwa kokwanira maulendo mazana angapo lisanafooke kwenikweni, zimene kwa anthu ambiri ndi chaka ndi theka kapena zaka ziwiri. Batire limene latupa patangotha miyezi inayi ndi lokayikitsa, koma mfundo imeneyi musaichite mkangano m'kalata. Tsiku logula ndi tsiku loyamba kuona vuto zikakhala moyandikana papepala, wowerenga amawerengera yekha.

Nenaninso zimene palibe

Wogulitsa akafuna kukana galantiya amatsamira pa zifukwa zinayi zodziwika: foni inagwa, inalowa madzi, inatsegulidwa ndi munthu wina, kapena inkagwiritsa ntchito tchaja yosayenera kapena kusiyidwa potentha. Chithunzi chabwino chikanaonetsa makona osaphwanyika popanda inu kunena kanthu. Popeza palibe, muyenera kulemba nokha, chiganizo chimodzi pa chifukwa chilichonse.

Pa nkhani ya madzi, mafoni ambiri ali ndi kapepala kakang'ono m'kabowo kolowera khadi la SIM kamene kamakhala koyera ndipo kamasanduka kofiira kapena kofiirira kakakhudzidwa ndi madzi. Chotsani kathireyi ka khadi, walitsani tochi m'katimo, ndipo lembani mtundu umene mwaona. Ngati simunayang'ane foni isanachoke m'manja mwanu, musalembe kuti kanali koyera. Ingonenani kuti foniyo sinanyowepo ndipo mukupempha kuti kapepalako kayang'anidwe inu kapena nthumwi yanu ilipo.

Nkhani ya tchaja imafuna chilungamo chosamala. M'midzi yambiri ya ku Angonia, Tsangano ndi Makanga mafoni amadzazidwa pa batire la magetsi a dzuwa kapena pa kabenchi ka wodzaza mafoni pamsika, ndipo si onse amene amagwiritsa ntchito tchaja imene inabwera m'bokosi. Ngati munkagwiritsa ntchito ya m'bokosi, nenani choncho ndipo muipereke limodzi ndi foniyo. Ngati munkagwiritsa ntchito ina, koperani zimene zalembedwa pa iyo pambali pa mawu oti Output, mwachitsanzo 5V 2A, m'malo mobisa. Foni ili ndi kachipangizo kake koletsa moto wopitirira muyezo, choncho tchaja ina yabwinobwino payokha si umboni wakuti munawononga batire, koma bodza likagwidwa limagwetsa madandaulo onse. N'chimodzimodzinso ndi kugwa: ngati foni inagwapo miyezi iwiri m'mbuyomo n'kukandika pakona, tchulani kukandikako, malo ake ndi nthawi yake, chifukwa wokonza akuona ndithu. Kukandika kumene mwakutchula nokha kumaoneka kakang'ono kusiyana ndi kumene iye wakutulukira.

Kutentha n'kofunika kukutchula makamaka kwa anthu a mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, kumene m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Foni yosiyidwa kutsogolo kwa galimoto padzuwa imatentha kuposa pamenepo, ndipo kutentha kotere kumafulumizitsadi kutupa kwa batire. Ngati yanu inkasungidwa m'nyumba kapena m'thumba, chiganizo chimodzi chonena zimenezo n'chokwanira.

Kalata yake

Zonsezi zikwane tsamba limodzi. Kalata ya mayi wa ku Ulongwe uja ingaoneke motere, kusiya dzina, keyala ndi manambala amene aliyense adzalembe ake:

"Kwa Oyang'anira Sitolo. Ndikulemba kudandaula za foni imene ndinagula m'sitolo yanu pa 3 Juni chaka chino. Dzina la foniyo, nambala ya mtundu wake, nambala za IMEI ndi nambala ya lisiti ndazilemba pamwambapa, ndipo fotokope ya lisiti ndaiphatika.

"Pa 6 Okutobala ndinajambula vuto la foniyi ndi foni ya mnzanga, koma chithunzicho chinafufutidwa ndisanakutumizireni, choncho ndikufotokoza m'mawu momwe foniyi inalili pa 9 Okutobala pamene ndinaisiya kwa wantchito wanu. Ndikufotokoza foni itaimirira, galasi likuyang'ana kwa ine, kabowo ka tchaja kali pansi. Galasi lamatuka mbali ya kumanja, kuyambira pansi pa batani loyatsira kutsika pafupifupi masentimita 6. Mpatawo ndi waukulu pakati, pafupifupi milimita imodzi ndi theka, ndipo ukuchepa kumapeto konse. Galasi silinasweke. Pafupifupi masentimita awiri kuchokera m'mphepete mwa kumanja, pakatikati pa kutalika kwa foni, pali kadontho kowala kofanana kukula ndi njere ya chimanga. Foni ikaikidwa patebulo imagwedera.

"Kugwederako ndinayamba kukuona pa 2 Okutobala. Kuyambira sabata imeneyo moto unkatsika kuchoka pa 100% kufika pa 20% m'maola pafupifupi atatu. Pa 6 Okutobala nditaona mpata ndinazimitsa foniyo ndipo sindinaiikenso pa tchaja. Foniyi sinanyowepo, sinatsegulidwepo, ndipo ndakhala ndikugwiritsa ntchito tchaja imene inabwera m'bokosi, yomwe ndinaisiya limodzi ndi foniyo. Pakona ya kumtunda kumanzere pali kukandika kwakung'ono kwa mwezi wa Ogasiti, ndipo makona ena atatu alibe chilema.

"Ndikuganiza kuti batire latupa, ndipo ndikupempha kuti akatswiri anu atsimikize. Popeza foniyi ikadali pa galantiya, ndikupempha kuti musinthe batire ndi kumatanso galasi popanda malipiro, kapena mundipatse foni ina ya mtundu womwewo ngati kukonza sikutheka. Ndikupemphanso kuti mundiyankhe m'kalata pasanathe masiku 15."

Onani kuti za chithunzi zanenedwa m'chiganizo chimodzi, popanda kupepesa kapena kulongosola za mnzake amene anachifufuta. Kubisa kuti chithunzi chinalipo kulibe phindu, makamaka ngati munatchulapo kale pa foni kuti mutumiza, koma kutalikitsa nkhaniyo kumachotsa maso a wowerenga pa vuto lenileni. Ngati chithunzicho chinachotsedwa kumbali ya sitoloyo, mwachitsanzo fomu yawo inachikana, lembani tsiku limene munatumiza ndi njira yake, kenako funsani kuti mungatumizenso kudzera pati. Pempho nalonso likhale limodzi lomveka ndi lachiwiri longodikira. Kalata imene ikufuna kukonzeredwa, kusinthiridwa, kubwezeredwa ndalama ndi kulipidwa mtengo wa ulendo zonse pamodzi imapatsa wogulitsa ufulu wosankha chimene chili chotsika mtengo kwa iye. Masiku 15 aja ndi malire amene wolembayo waika yekha kuti adziwe nthawi yotsatira nkhaniyo.

Masitolo ambiri a mumzinda amafuna kalata ya Chipwitikizi. Ngati simuchilemba bwino, yambani mwalemba m'Chichewa monga pamwambapa, kenako wokuthandizani amasulire inu muli pomwepo, ndipo akamaliza akuwerengereni mobwezera m'Chichewa chiganizo ndi chiganizo. Omasulira ena pofuna kukometsa kalata amachotsa manambala n'kuikamo mawu aulemu ataliatali, pamene mphamvu ya kalatayi ili m'manambalamo. Yang'anani ndi maso anu kuti masiku, masentimita ndi IMEI zafanana m'makalata onse awiri.

Yesani kalatayo, kenako ipezereni mboni

Musanatumize, perekani ndime yofotokoza vuto kwa munthu amene sanaionepo foniyo, mumupatse pepala ndi cholembera, ajambule chimene wamva. Akaika mpata mbali yolakwika kapena akafunsa kuti kadontho kali kumtunda kapena kumunsi, pamenepo ndi pamene muyenera kukonza. Chojambula chamanja chotere, chikakonzedwa bwino ndi timivi tosonyeza miyezo, mukhoza kuchiphatika ku kalatayo, bola mulembepo kuti ndi chojambula pamanja chochokera m'kukumbukira kwanu.

Mawu a munthu mmodzi amalimba akatsamira pa ena. Ngati mnzanu amene anakubwerekani foni yojambulira uja anaiona foni yanu ndi maso ake, angathe kulemba mizere iwiri kunsi kwa kalata yonena tsiku ndi zimene anaona, n'kusayina. Umboni woposa onse ndi kapepala kolandirira katundu kamene sitolo imapereka mukasiya foni. Pa kapepala kameneka wantchito amalemba momwe katundu wafikira, ndipo kawirikawiri amalemba mwachidule kwambiri, mwina mawu awiri okha onena kuti foni ili ndi vuto. Ngati simunapereke foniyo, musachoke pakauntala asanalembepo IMEI, kuti galasi lamatuka koma silinasweke, kuti makona ali bwanji, ndi kuti tchaja mwaisiya. Ngati munapereka kale ndipo kapepalako n'kosakwanira, kapena sanakupatseni n'komwe, tchulani m'kalata tsiku ndi ola limene munaisiya, ndipo pemphani kuti iwowo ajambule foniyo asanaitsegule n'kukutumizirani chithunzicho. Pempho limeneli ndi losavuta kwa iwo, ndipo likatheka ndiye kuti chithunzi chimene chinasowa chabwerera kudzera mwa wogulitsa yemweyo.

Kalatayo ikhale m'makope awiri. Imodzi isiyidwe kusitolo, ina aidinde kapena aisayine ndi kulembapo tsiku, ibwerere kwa inu. Ngati simungapite nokha ku Tete, wachibale amene akupita kumeneko angaipereke, kapena muitumize ngati uthenga wolembedwa, popeza mawu sakanidwa ndi fomu monga momwe zimachitikira ndi zithunzi. Pamene malo olembapo ndi ochepa, dulani moni ndi mbiri koma musiye ndime ya malo, kukula ndi maonekedwe momwe ilili. Ngati sitoloyo ili ndi buku la madandaulo, lolembedwa kuti Livro de Reclamações, koperanimo ndime yomweyo mawu ndi mawu, chifukwa nkhani imene ikusintha pang'ono paliponse pamene yalembedwa imaoneka yopeka ngakhale ili yoona.

Masiku amene munaika akadutsa popanda yankho, kapena akakukanani pakamwa, pemphani kuti chifukwa chokanira achilembe papepala pamodzi ndi zimene wokonza wapeza. Ndi pepala limenelo, kope yanu yodindidwa, lisiti ndi kapepala kolandirira katundu, mukhoza kukadandaula ku ofesi ya boma yoyendera malonda, imene anthu ambiri amaidziwa ndi dzina loti INAE. Sungani bwino tsiku limene munasiya foniyo ndi limene mwaitenga, popeza nthawi imene katundu wakhala kokonzedwa chifukwa cha chilema chochokera kofakitale siwerengedwa pa nyengo ya galantiya. Potenga foniyo, imbani nambala ija yoonetsa IMEI muli pakauntala pomwepo kuti mutsimikize kuti ndi yanu kapena kuti nambala yatsopano yalembedwa pa pepala la galantiya, iikeni patebulo muone ngati ikugwederabe, ndipo yendetsani chala m'mphepete monse mwa galasi musanasayine kuti mwalandira.